Kalembedwe ka lipoti posiyirana ntchito: wodwala shuga amene wagonekedwa ndi chilonda chotukusira

Wodwala shuga akagonekedwa chifukwa cha chilonda chimene chatukusira, chibayo kapena matenda a njira ya mkodzo, shuga wake sakhazikika. Thupi likamalimbana ndi tizilombo limatulutsa michere yokweza shuga, ndipo munthu amene kunyumba amangomwa mapiritsi amayamba kufunika insulini. Mankhwala opha tizilombo akayamba kugwira, kutentha thupi n'kutsika, insulini yomwe dzana inali yochepa lero ikhoza kukhala yambiri. Kusinthaku kumachitika pa maola ochepa, ndipo nthawi zambiri kumagwera pakati pa namwino wa masana ndi wa usiku. N'chifukwa chake lipoti la wodwala wotere silingathere pa mawu akuti "shuga akuyezedwa, insulini akulandira." Mnzanu wolandira wodi ayenera kuona zinthu zitatu zitamangidwa pa nthawi yake: shuga anali bwanji, insulini inalowa ingati, ndipo wodwala anadya chiyani.

Pa fayilo timalemba m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, koma pano ndifotokoza m'Chichewa kuti ganizo lake limveke. Nditenga chitsanzo chongoyerekeza cha mayi a zaka 54 ochokera cha ku Khombedza, amene agona pa bedi 7 m'wodi ya amayi kuno ku Salima. Akhala ndi shuga wa mtundu wachiwiri kwa zaka zingapo, kunyumba amamwa metifomini ndi gilibenkilamayidi, ndipo anabwera dzana phazi lakumanzere litatupa atabayidwa ndi minga kumunda. Amalemera makilogalamu 60. Milingo yonse ya insulini imene nditchule ndi imene adokotala alembera mayi amenewa okha. Musaitengere kwa wodwala wina.

1. Musanalembe, pitani pa bedi

Lipoti lolemberedwa pa tebulo la anamwino mongokumbukira limasiya zinthu. Tengani fayilo, tchati cha mankhwala ndi tchati cha shuga, mupite nazo kwa wodwala. Muoneni ngati akuyankha bwino, ngati akutuluka thukuta, ndi m'mene akupumira. Kenako funsani gadiyani, chifukwa ndiye amene amadziwa zimene zalowadi m'mimba. Musafunse kuti "adya?" popeza yankho limakhala "eya, adya pang'ono," ndipo pang'onoyo sadziwika. Funsani kuti, "Amayi, nsima ija anadya mitanda ingati? Phala anamaliza kapu? Asanza kangati? Mwawapatsa chakumwa chanji kuchokera masana?" Apa ndi pamene mumamva za thobwa, Sobo, tiyi wa shuga kapena mango amene abale abwera nawo, zomwe zimafotokoza nambala yokwera imene ikanakudabwitsani. Funsani mwaulemu, osati mokalipa, chifukwa gadiyani wokalipiridwa mawa amabisa.

2. Mzere woyamba: ndani, wabwera ndi chiyani, mapiritsi ake ali pati

Lembani dzina, zaka, bedi, tsiku logonekedwa, matenda amene wagonekedwa nawo, ndi mtundu wa shuga. Mtunduwu musausiye. Wodwala shuga wa mtundu woyamba thupi lake silipanga insulini, choncho ngakhale asadye, insulini yokhalitsa siimitsidwa yonse. Akaimitsiridwa, asidi amachuluka m'magazi pa maola owerengeka. Ngati mtundu sunalembedwe, onani m'buku lake la kuchipatala, mufunse ngati wakhala akudzibaya kuyambira ali wamng'ono, ndipo mudziwitse adokotala.

Nenaninso poyera ngati mapiritsi a kunyumba aimitsidwa. Metifomini kawirikawiri amaimitsidwa munthu akadwala kwambiri, akatha madzi m'thupi kapena impso zikamavuta. Gilibenkilamayidi amakhalitsa m'thupi, ndipo kwa munthu amene sakudya amatha kugwetsa shuga kwa maola ambiri, kudzuka n'kugwanso. Vuto limene limachitika kawirikawiri n'lakuti pa tchati mapiritsi aimitsidwa, koma m'chikwama cha gadiyani alimo, ndipo iye mwa chikondi akuperekabe m'mawa uliwonse monga anazolowera kunyumba. Funsani, aoneni ndi maso anu, ndipo lembani kuti gadiyani wauzidwa.

3. Manambala a shuga: aliyense ndi nthawi yake

Lembani manambala onse a shifiti yanu motsatana, osati lomaliza lokha. Nambala ya 9.6 payokha imaoneka yabwino. Koma ngati maola anayi apitawo inali 18.2, ndiye kuti shuga akutsika mothamanga ndipo sitikudziwa poti akaime. Mnzanu akuyenera kuona kumene shuga akulowera.

Pa nambala iliyonse ikani ola lenileni limene munayeza, osati limene munayenera kuyeza. Ngati ya 12 koloko munayeza 1 koloko wodwala atadya kale, lembani choncho, chifukwa nambala ya munthu woti wadya siwerengedwa chimodzimodzi ndi ya munthu asanadye. Ngati simunayeze chifukwa masitiripi anatha, lembani kuti "sanayezedwe, masitiripi anatha." Kusiya mpata wopanda kanthu kumachititsa mnzanu kuganiza kuti mwangoiwala kulemba.

Nkhani ya muyeso ndi yofunika kuimvetsa bwino. Timakina toyezera shuga timene timapezeka m'mawodi mwathu si tamtundu umodzi: tina timaonetsa mmol/L, tina mg/dL, ndipo odwala ena amabwera ndi tawo. Kusiyana kwake n'kochulukitsa ndi 18, kotero 5 mmol/L ndi 90 mg/dL, ndipo 10 mmol/L ndi 180 mg/dL. Namwino wozolowera mmol/L akaona 60 yopanda muyeso akhoza kuganiza kuti shuga wakwera koopsa, pamene 60 mg/dL ndi 3.3 mmol/L, kutanthauza kuti wodwala akufunika shuga msanga, osati insulini. Lembani muyeso nthawi zonse, ndipo ngati kamakina kasintha pakati pa shifiti, nenani. Kakaonetsa HI kapena LO, lembani zilembo zomwezo, musapeke nambala. HI akutanthauza kuti shuga wapyola pamene kamakina kamalekezera, pomwe m'timakina tambiri ndi cha pa 33 mmol/L. LO ndi shuga wotsikitsitsa, wofunika kuchitapo kanthu pomwepo.

Nambala ikasemphana ndi m'mene wodwala akuonekera, yezaninso musanailembe. Chala chimene chagwira mango kapena nzimbe chimapereka nambala yokwera yabodza, choncho sambitsani ndi madzi ndi kupukuta bwino musanabaye. Wodwala amene manja ake azizira chifukwa magazi sakuyenda bwino, nambala ya pa chala siyodalirika. Uzani adokotala kuti magazi apite ku labu. Botolo la masitiripi losiyidwa chitsegulire m'nyengo yotentha ndi yachinyezi ya kunyanja kuno limaononga masitiripi onse.

4. Insulini: imene yalembedwa, imene yaperekedwa, imene yatsala

Apa ndi pamene lipoti limapulumutsa kapena kuvulaza. Gawani nkhaniyi patatu, ndipo musasakanize.

Poyamba koperani lamulo la adokotala monga lilili lero, mutaliona pa tchati, osati monga linalili dzulo. Tchulani mtundu wa insulini. Yachangu, yooneka ngati madzi, imene pa botolo nthawi zambiri pamalembedwa Actrapid, imayamba kugwira pakatha mphindi 30, imafika pachimake pakati pa maola 2 ndi 4, ndipo imatha mphamvu cha pa maola 6 mpaka 8. Ndiyo chifukwa chake imabayidwa theka la ola chakudya chisanafike. Yokhalitsa, yooneka ngati mkaka, monga Insulatard kapena Protaphane, imayamba pakatha ola limodzi kapena awiri, chimake chake chimagwera pakati pa maola 4 ndi 12, ndipo mphamvu yake imatha kukhalapo pafupifupi tsiku lathunthu. Mukangolemba kuti "insulini mayunitsi 14" osatchula mtundu, mnzanu wotopa akhoza kubaya 14 ya yachangu, ndipo wodwala akomoka pasanathe maola atatu. Mawu akuti mayunitsi alembeni onse. Chilembo cha U cholembedwa mothamanga chimaoneka ngati ziro, 6 n'kusanduka 60.

Kachiwiri lembani zimene inuyo mwabaya: ola, mtundu, mlingo. Phatikizanipo ndi yoonjezera ija yobayidwa shuga akakwera, imene ambiri amaiwala kuinena chifukwa siili pa nthawi zokhazikika. Yoonjezerayi ndi yachangu, ndipo imakhalabe ikugwira ntchito kwa maola angapo. Mnzanu akapanda kudziwa kuti munaipereka, akapeza shuga akadali pamwamba n'kuonjezera ina, milingo iwiri imakumana pachimake nthawi imodzi. Ndiye lembani ola la yachangu yomaliza, ndi ola limene ina ingaloledwe malinga ndi lamulo la adokotala, lomwe kawirikawiri silichepera maola anayi.

Kachitatu, nenani mosabisa za mlingo umene wagwera pa nthawi yosinthana. Insulini ya madzulo imayendera limodzi ndi chakudya cha madzulo, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe wina akuvula yunifolomu wina akuvala. Zimatheka onse awiri kubaya, zimathekanso aliyense kuganiza kuti mnzake wabaya. Lembani ndi zilembo zazikulu kuti YAPEREKEDWA kapena SINAPEREKEDWE, ndipo ngati sinaperekedwe, perekani chifukwa ndi zimene zikudikiridwa. Ine ndimaona kuti mzere umenewu ukasowa, lipoti lonse silinamalizike, ngakhale china chilichonse chikhale m'malo mwake.

5. Matenda amene anamugoneka

Apa simufunika kutalikitsa. Lembani kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, kapumidwe, mkodzo ngati ukutuluka, maonekedwe a chilonda, ndi ola la mankhwala opha tizilombo otsatira. Chofunika n'kuonetsa kumene zikupita. Kutentha kukamatsika, yembekezerani kuti shuga atsikanso ndipo chenjezani mnzanu. Shuga akamakwerabe ngakhale insulini ikulowa, mwina mafinya abisala mkati kapena mankhwala sakugwira, ndipo adokotala ayenera kumva. Kuno kunyanja malungo sasowa, choncho lembani zotsatira za kuyeza malungo. Malungo aakulu amagwetsa shuga, kwinini nayenso amagwetsa, pomwe mankhwala monga puredinisoloni ndi dekisametazoni amamukweza. Wodwala akakhala pa ena mwa amenewa, atchuleni pafupi ndi manambala a shuga.

6. Zoti mnzanu achite, ndi poti aitane adokotala

Musamusiyire mnzanu ntchito yoganiza yekha 2 koloko usiku. Lembani maola oyezera otsatira. Wodwala amene akudya amayezedwa asanadye chakudya chilichonse ndi asanagone. Amene sakudya amayezedwa maola 4 mpaka 6 aliwonse, kapena pafupipafupi kuposa apo adokotala akalamula. Ngati masitiripi atsala ochepa, awerengeni ndipo mugwirizane ndi adokotala nthawi zosaphonya. Kuyeza kwa musanabaye insulini ndi kwa pakati pa usiku n'kumene sikuyenera kudumphidwa.

Lembaninso malire. Kwa odwala ambiri ogonekedwa cholinga chimakhala shuga wa pakati pa 6 ndi 10 mmol/L, osati kumutsitsa kufika pa wa munthu wabwinobwino. Akatsika pansi pa 4 mmol/L, kapena wodwala akayamba thukuta lozizira, kunjenjemera, kubwebweta kapena tulo tosadzutsika, chitanipo kanthu nthawi yomweyo. Ngati akutha kumeza, m'patseni masupuni aang'ono anayi a shuga osungunula m'madzi, yezaninso pakatha mphindi 15, bwerezani ngati akadali pansi pa 4, ndipo akakwera m'patseni chakudya monga phala. Ngati wakomoka musathire kanthu m'kamwa. M'gonekeni chammbali, perekani dekisitirozi kudzera mu mtsempha monga mwa ndondomeko ya wodi, ndipo itanani adokotala. Choncho lipoti linene ngati kanyula ikugwira ntchito ndi pamene dekisitirozi ali. Kufunafuna mtsempha ndi tochi ya foni magetsi atazima, wodwala ali chikomokere, n'chinthu chimene tingachipewe ndi mzere umodzi wolembedwa madzulo.

Kumtunda nakonso kuli malire. Shuga akapitirira pamene adokotala aika, kapena wodwala akamasanza, kumva m'mimba, kupuma mozama ndi mothamanga, yezani makitoni mu mkodzo ndipo itanani. Zimenezi ndi zizindikiro zoti asidi akuchuluka, ndipo wodwala wotere amafunika madiripi ndi insulini ya ndondomeko ina, nthawi zina mpaka kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe.

Lipoti la mayi a pa bedi 7

Tsopano tiyeni tione m'mene zonsezi zingakhalire pa pepala, namwino wa masana akusiyira wa usiku nthawi ya 16:30.

Bedi 7, mayi a zaka 54, makilogalamu 60, tsiku lachitatu. Shuga wa mtundu wachiwiri, chilonda chotukusira ku phazi lakumanzere. Malungo sanapezeke. Metifomini ndi gilibenkilamayidi zaimitsidwa. Mwana wawo amene akuwadikirira wauzidwa ndipo mapiritsi a kunyumba sakuperekedwa.

Lamulo la insulini: m'mawa yokhalitsa mayunitsi 14 ndi yachangu mayunitsi 6, madzulo yokhalitsa mayunitsi 6 ndi yachangu mayunitsi 4. Yoonjezera asanadye: shuga 12.1 mpaka 16 mmol/L, yachangu mayunitsi 2; shuga 16.1 mpaka 20 mmol/L, yachangu mayunitsi 4. Kupyola 20, itanani adokotala. Osabwereza yachangu pasanathe maola 4.

06:00, shuga 15.8 mmol/L. 06:30, a usiku anabaya yokhalitsa mayunitsi 14, yachangu mayunitsi 6, ndi yoonjezera mayunitsi 2 pamwamba pake. 07:00, anamaliza kapu ya phala.

12:00, shuga 18.2 mmol/L asanadye, makitoni mu mkodzo sanapezeke. Anamwa thobwa cha m'ma 10 koloko. 12:15, yachangu yoonjezera mayunitsi 4. 12:45, anadya theka la mtanda wa nsima ndi usipa pang'ono. 14:00, anasanza kamodzi.

16:00, shuga 9.6 mmol/L. Ali maso, akuyankha bwino, akuti alibe njala. Kutentha thupi 37.6, kutsika kuchoka pa 38.9 m'mawa.

Insulini ya madzulo SINAPEREKEDWE. Adokotala auzidwa 16:10 ndipo alemba pa tchati: yezani 17:30. Akadya, bayani monga mwa lamulo. Akakana kudya kapena kusanzanso, yachangu isaperekedwe, yokhalitsa ichepetsedwe kufika mayunitsi 4. Shuga akakhala pansi pa 6, musabaye musanaimbe foni. Yezaninso 22:00, 02:00 ndi 06:00.

Mawa m'mawa akupita ku fiyeta kukachotsa mnofu wakufa. Asadye kuyambira pakati pa usiku. Insulini ya mawa m'mawa isabayidwe mwa lamulo lakale. Adokotala akuyenera kulemba lina poyendera wodi usiku uno, akumbutseni. Kanyula ya dzanja lamanja ikugwira. Dekisitirozi ali pa tirole. Masitiripi atsala 6. Mankhwala opha tizilombo otsatira 22:00.

Wowerenga lipoti limeneli akutha kuona chifukwa chimene namwino wa masana sanangobaya ya madzulo n'kumapita. Shuga watsika ndi 8.6 pa maola anayi. Yachangu ya 12:15 mphamvu yake sinatheretu, yokhalitsa ya m'mawa ikadali m'kati mwa chimake chake, chakudya cha masana chinatuluka ndi masanzi, ndipo kutentha thupi kukutsika. Zonsezi zikukokera shuga pansi. Nambala ya 18.2 ija nayo yafotokozedwa ndi thobwa, kotero si umboni woti insulini ikuchepa. Lipoti likanangoti "shuga 9.6, ali bwino," wa usiku akanabaya mayunitsi 10 onse kwa mayi osadya, amenenso aletsedwa chakudya kuyambira pakati pa usiku. Yachangu ikanawagwetsa cha m'ma 8 kapena 9 koloko, ndipo yokhalitsa ikanapitiriza kukokera pansi m'bandakucha, nthawi imene wodwala wokomoka amaoneka ngati wagona tulo.

Taonaninso kuti lamulo latsopano la adokotala lalembedwa pa tchati, osati kungonenedwa pakamwa. Mukalandira lamulo la insulini pa foni, libwerezeni mokweza kuti wolamulayo avomere, lembani ola ndi dzina lake, ndipo adzasainire akafika. Namwino sasintha mlingo mwa iye yekha, koma ali ndi udindo woimitsa dzanja ndi kufunsa pamene zimene akuona pa bedi sizikugwirizana ndi zimene zili pa pepala.

7. Botolo lenilenilo

Onetsani mnzanu mabotolo amene mukugwiritsa ntchito ndi tsiku limene anatsegulidwa. Insulini yosatsegula imasungidwa m'furiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, osaumitsidwa. Yotsegula imatha kukhala kunja pafupifupi milungu inayi ngati malo sakutentha kupyola madigiri amene alembedwa pa kapepala kake, omwe amakhala 25 kapena 30. Mu Okutobala ndi Novembala ku Salima ndi ku Nkhotakota masana kumatentha kupyola pamenepo, ndiye botolo losiyidwa pa tirole pafupi ndi windo limafooka mphamvu. Shuga akamakana kutsika kwa odwala angapo obayidwa botolo limodzi, kayikirani botololo. Yachangu ikachita mitambo itayeni. Yokhalitsa muigubuduze m'manja mofatsa mpaka isakanikirane, ndipo ikakhala ndi timibulu tosasungunuka musaigwiritse ntchito. Bayirani sirinji ya insulini yokha, yogwirizana ndi botolo la mayunitsi 100 pa mililita, ndipo ngati masirinji amenewa atha, lembani m'lipoti kuti apezedwe nthawi yobaya isanakwane.

8. Perekani pakamwa, pa bedi

Mukamaliza kulemba, sainani ndi kuika ola, kenako pitani ndi mnzanuyo kwa wodwala. Muwerengereni mizere ya insulini, ndipo iye abwereze yekha kuti chotsatira n'chiyani: "17:30 ndiyeza, akadya ndibaya 6 ndi 4, akapanda kudya yokhalitsa 4 yokha, pansi pa 6 ndiimba." Akalakwitsa pobwereza, mwapeza pamene lipoti silinamveke, ndipo konzani pa pepala pomwepo. Gwirani kanyula limodzi, mutsimikize kuti madzi akulowa.

Musanachoke pa bedipo, lankhulani ndi gadiyani pamaso pa namwino wa usiku, kuti adziwe woti akamudzutse. Muuzeni kuti, "Achemwali, usiku uno asisita awa ndi amene alipo. Mukaona amayi akutuluka thukuta, akunjenjemera, akuyankhula zosamveka kapena sakudzuka mukawagwedeza, musadikire kuche, thamangani mudzawaitane. Akasanzanso mutiuze. Ikakwana 12 koloko usiku musawapatse chakudya chilichonse, chifukwa mawa akupita ku fiyeta, pokhapokha asisita atakuuzani okha kuti muwamwetse madzi a shuga."